Kuyeza mano ndi mpweya wa matayala: malire a lamulo ndi malire a chitetezo

Galimoto ikamayenda, gawo la tayala limene limakhudza msewu ndi laling'ono kwambiri, pafupifupi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki, chiwongolero ndi mphamvu yonse ya injini zimadalira malo anayi amenewo basi. Zinthu ziwiri ndizo zimalamulira mmene malowo akugwirira msewu: kuya kwa mano a tayala ndi kuchuluka kwa mpweya umene uli mkati. Zonse ziwiri mutha kuziyeza nokha pa mphindi zochepa, ndipo ndi bwino kuziyeza tsiku limodzi chifukwa chimodzi chimaulula vuto la chinzake.

Zipangizo zake si zambiri. Pafunika geji ya mpweya, kachipangizo koyezera kuya kwa mano, tochi, pepala ndi cholembera. Ngati kachipangizo koyezera mano mulibe, mtengo wa machesi ndi lula ya mamilimita zigwira ntchitoyo. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki ndi kuzimitsa injini.

Dziwani kaye nambala imene mukuifuna

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano akuya mamilimita 7 kapena 8. M'mayiko ambiri lamulo limati mano asachepere mamilimita 1.6. Ndi mmene zilili m'mayiko a mgwirizano wa Ulaya, ku Britain, ndi m'zigawo zambiri za ku Amereka, kumene amailemba nambalayi kuti 2/32 ya inchi. Koma mawu a lamulo amasiyana pa nkhani ya malo oyezera. Ku Britain amati mamilimita 1.6 apezeke pa magawo atatu mwa anayi apakati pa tayala, kuzungulira tayala lonse, ndipo wopezeka ndi tayala losakwana akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 2,500 pa tayala limodzi, osati pa galimoto. Ku South Africa malire ndi milimita imodzi, koma iyenera kupezeka m'lifupi monse mwa tayala, kuchokera mbali iyi mpaka inayo. Malole, mabasi ndi njinga zamoto kawirikawiri zimakhala ndi malire akeake. Choncho funsani ku ofesi yoona za pamsewu ya dziko limene mukuyendetsamo, makamaka ngati mukudutsa malire a mayiko, chifukwa lamulo limene limakugwirani ndi la msewu umene mulipo.

Komabe nambala ya lamulo musaiyese nambala ya chitetezo. Mamilimita 1.6 ndi pamene boma limayamba kulanga. Tayala limayamba kutaya mphamvu yake pamvula kalekale lisanafike pamenepo, n'chifukwa chake mabungwe ambiri oona za chitetezo cha pamsewu amalangiza kusintha matayala akafika mamilimita 3. Ine ndimagwirizana nawo, makamaka kwa amene amayenda maulendo ataliatali nyengo ya mvula. Chifukwa chake tichiona ndi masamu kutsogoloku.

Gawo loyamba: kuyeza mano

Yambani ndi matayala akutsogolo. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti nkhope yonse ya tayala itulukire panja, muione kuchokera mbali yakunja mpaka yamkati. Anthu ambiri amangosuzumira mbali yakunja ataimirira, n'kunena kuti tayala lili bwino, pomwe mbali yamkati, yobisika pansi pa galimoto, ndiyo imakonda kudyeka msanga. Kwa matayala akumbuyo palibe kuchitira mwina, gwadani ndi kuunika ndi tochi.

Pa nkhope ya tayala pali mizere ikuluikulu, itatu kapena inayi, yozungulira tayala lonse. M'mizere imeneyi ndimo muyezemo, osati m'timizere ting'onoting'ono todutsa chopingasa. Yang'anitsitsani pansi pa mzere ndipo mupeza timabampu ta labala totukuka pang'ono, toikidwa motalikirana kuzungulira tayala. Amene anapanga tayala anatiika dala, ndipo ndi totalika mamilimita 1.6 kuchokera pansi pa mzere. Kuti mutipeze msanga, onani m'mbali mwa tayala chakumtunda: pamakhala zilembo zoti TWI, kapena kachizindikiro ka ngodya zitatu, ndipo kabampu kamakhala moyang'anizana ndi chizindikirocho. Mano akadyeka mpaka kulingana ndi kabampuko, moti mukayendetsa chala simukumva kutsika, tayala lafika pa 1.6 ndipo latha. Lamulo la ku South Africa limaletsanso tayala lotere, ngakhale milimita imodzi ija ikadalipo.

Timabampu timangokuuzani kuti tayala latha kapena silinathe. Kuti mudziwe pamene lili, yezani. Lowetsani kansonga ka choyezera pansi pa mzere, kanikizani thupi lake kuti likhale bwino pamwamba pa mano, ndipo werengani. Ngati mukugwiritsa ntchito machesi, lowetsani mbali yopanda mutu mpaka igunde pansi, ikani chikhadabo pamene mtengowo walingana ndi pamwamba pa mano, utulutseni osasuntha chala, ndipo yezani pa lula. Chenjerani pa zinthu ziwiri. Musayeze pamwamba pa kabampu, chifukwa nambala idzatuluka yochepa ndi 1.6. Ndipo chotsani timiyala ndi matope m'mzeremo musanayeze.

Pa tayala lililonse yezani malo atatu m'lifupi: mzere wakunja, wapakati ndi wamkati. Kenaka sunthani galimoto pang'ono, kutsogolo kapena kumbuyo, kuti gawo lina la tayala lionekere, ndipo yezaninso. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu. Lembani nambala zonse. Nambala imene imaweruza tayala ndi yochepetsetsa, osati yapakatikati, chifukwa wapolisi ndi mvula onse amayang'ana pamalo pofooka.

Dzanja likadali pa tayala, yendetsani chikhatho m'mbali mwake, kunja ndi mkati. Mukufufuza chotupa, kung'ambika, ming'alu, msomali, kapena waya wotulukira. Chotupa cha m'mbali chimatanthauza kuti ulusi wa mkati umene umagwira tayala waduka, kawirikawiri chifukwa chogunda dzenje kapena m'mphepete mwa msewu, ndipo mpweya ukukankha labala yokhayokha. Tayala lotere silikonzedwa, ndipo mano akhale ambiri bwanji, lichotseni tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati waya kapena ulusi zikuoneka.

Werenganinso zaka zake. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi zilembo zoti DOT, ndipo umathera ndi manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye mwina ali mkati. Labala imauma ndi zaka ngakhale tayala lisakuyenda, ndipo makampani angapo opanga matayala amati likakwana zaka 10 lichoke, ngakhale likuoneka bwino. Amene akugula matayala ogwiritsidwa kale ntchito ayambire pa nambala imeneyi asanasirire mano.

Gawo lachiwiri: mpweya

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo vuto limayambira pa kuwerenga nambala yolakwika. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, pafupi ndi mawu oti MAX PRESS, si mpweya umene muyenera kupopa. Imeneyo ndi malire a tayalalo. Mpweya woyenera amausankha ndi amene anapanga galimoto, malinga ndi kulemera kwake, ndipo amaulemba pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, kapena kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta, komanso m'buku la galimotoyo. Tayala lomwelo likaikidwa pa galimoto ziwiri zosiyana lingafune mpweya wosiyana.

Pa kapepalako mupeza kukula kwa tayala, monga 195/65 R15, kenaka nambala za kutsogolo ndi za kumbuyo. Kawirikawiri pamakhala mizere iwiri: wina wa galimoto yonyamula anthu awiri kapena atatu, wina wa galimoto yodzaza anthu ndi katundu. Nambalazi zimalembedwa m'miyeso itatu, bar, kPa kapena psi, ndipo muyenera kuona kuti geji yanu ikuwerenga uti. Kusintha kwake n'kosavuta: bar imodzi ndi 100 kPa, ndiponso ndi pafupifupi 14.5 psi. Choncho 2.2 bar, 220 kPa ndi 32 psi ndi mpweya umodzimodzi.

Yezani matayala ali ozizira, kutanthauza kuti galimoto yaima kwa maola atatu, kapena yangoyenda makilomita osapitirira awiri pang'onopang'ono. M'mawa dzuwa lisanawombe matayala ndiyo nthawi yabwino. Tayala likayenda limatentha, mpweya wa mkati umafutukuka, ndipo geji imawerenga mokwera ndi 0.2 kapena 0.3 bar. Ngati mwafika pamalo opopera mutayenda mtunda wautali ndipo geji ikuonetsa nambala yoposa ya pa kapepala, musaphwetse. Mukaphwetsa, tayala likazizira lidzakhala lochepa mpweya. Ngati n'koyenera kupopa lili lotentha, onjezani pafupifupi 0.3 bar pa nambala ya pa kapepala, ndipo muyezenso m'mawa mwake.

Kayezedwe kake ndi aka. Masulani kachipewa ka valavu, kaikeni m'thumba kuti kasatayike. Kanikizani geji molunjika ndi mwamphamvu pa valavu. Mukamva mpweya ukupitirira kutuluka kuti fwii, ndiye kuti geji sinakhale bwino ndipo nambalayo ndi yabodza, chotsani muyambenso. Werengani ndi kulemba. Ngati mpweya wachepa, popani pang'onopang'ono mukuyeza. Ngati wachuluka, dinani kachitsulo ka pakati pa valavu kwa kamphindi, yezaninso. Mukamaliza, pakani timadzi ta sopo pakamwa pa valavu. Thovu likamatukuka, valavu ikutaya mpweya ndipo kamtima kake kafunika kumangitsa kapena kusintha. Bwezeretsani kachipewa, chifukwa ndiko kamatchinga fumbi ndi madzi.

Gulani geji yanuyanu ndipo muzigwiritsa ntchito yomweyo nthawi zonse. Mageji a pamalo opopera amagwetsedwa, amapondedwa, ndipo awiri oyandikana akhoza kukupatsani nambala zosiyana. Kumenya tayala ndi phazi kapena kuliyang'ana ndi maso sikuthandiza: matayala amakono amaoneka otupa pang'ono m'munsi ngakhale ali bwino, ndipo limene lataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wake silisiyana kwenikweni ndi linzake pa maso.

Tayala labwinobwino, lopanda chibowo, limataya mpweya pang'onopang'ono kudzera mu labala momwemo, pafupifupi 1 psi pa mwezi. Kuzizira nako kumatsitsa nambala ndi pafupifupi 0.1 bar kutentha kukatsika ndi madigiri 10. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi pa mwezi ndiko kochepetsetsa, kuphatikizapo tsiku lililonse limene mukunyamuka ulendo wautali kapena kunyamula katundu wambiri. Sipeya musaliiwale. Ngati ndi lija lopyapyala longothandizira pangozi, limafuna mpweya wambiri, kawirikawiri 4.2 bar, ndipo silifunika kupitirira makilomita 80 pa ola.

Galimoto zatsopano zili ndi kanyali ka pa dashibodi kochenjeza za mpweya. Musakadalire kwambiri. Ku Amereka lamulo limafuna kuti kayake mpweya ukatsika ndi 25 peresenti, kutanthauza kuti tayala lofuna 2.4 bar likhoza kufika pa 1.9 kanyali kali chete. Ntchito yake ndi kukuchenjezani pangozi, osati kulowa m'malo mwa geji.

Tiwerenge pepala limodzi

Tiyerekeze galimoto yaing'ono imene injini yake imakoka matayala akutsogolo. Kapepala ka pachitseko kakuti 2.3 bar kutsogolo ndi 2.1 bar kumbuyo. Mwayeza m'mawa, ndipo nambala za mano mwazilemba motsatana: kunja, pakati, mkati.

Lakutsogolo kumanja latuluka 2.5, 4.5 ndi 2.5, ndipo mpweya ndi 1.6 bar. Mbali zonse ziwiri zadyeka, pakati patsala. Umu ndi mmene tayala lochepa mpweya limadyekera: limaphwanyalala, pakati pake pamapindikira m'mwamba, ndipo mapewa ake ndiwo amasenza galimoto. Kudyeka kotere sikuchitika sabata imodzi, ndiye kuti tayalali lakhala likuyenda lophwa kwa miyezi. Popeza anzake sanatsike chonchi, pali potulukira mpweya. Fufuzani msomali, valavu, kapena limu yopindika. Kungopopa n'kuchoka sikuchotsa vutolo. Chibowo chikakhala pa nkhope ya tayala chapakati ndipo sichikupitirira mamilimita 6, chimamatika bwino kuchokera mkati atachotsa tayala pa limu. Chikakhala m'mbali kapena paphewa, tayalalo latha.

Lakutsogolo kumanzere latuluka 4, 3.5 ndi 1.4, mpweya uli bwino. Mukaliyang'ana mutaimirira, ili ndilo looneka bwino kuposa linzake lija. Koma mzere wamkati uli pansi pa 1.6, ndipo kabampu kalingana kale ndi mano. Tayala ili laphwanya lamulo kulikonse kumene malire ndi 1.6, chifukwa mzere waukulu wamkatiwo uli m'gawo loyezedwa. Kudyeka mbali imodzi si nkhani ya mpweya ayi. Ndi alayinimenti, kutanthauza kulunjika kwa matayala, kapena chitsulo china cha m'miyendo ya galimoto chatha kapena chapindika. Mukaika tayala latsopano osakonza chimenecho, nalonso lidyeka chimodzimodzi pa miyezi yochepa. Makaniko aone miyendo kaye, asinthe chimene chatha, alayinimenti ibwere pambuyo.

Lakumbuyo kumanja latuluka 4.5, 3 ndi 4.5, mpweya 2.9 bar. Pakati ndipo padyeka, chizindikiro cha mpweya wochuluka. Mwina wina anapopa motsatira nambala ya m'mbali mwa tayala, kapena anawonjezera tsiku lonyamula katundu n'kuiwala kubweza. Litsitseni lifike 2.1. Likadali lololedwa, koma lafika pa 3, ndiye masiku ake owerengeka. Lakumbuyo kumanzere latuluka 5, 5 ndi 5 pa 2.1 bar, ndipo palibe chonena.

Pali kudyeka kwina kumene sikuoneka pa nambala koma pa dzanja: mukayendetsa chikhatho mozungulira tayala n'kumva zikwezeka ndi zitsika ngati mafunde, ganizirani mashokabu otha kapena tayala losachita balansi. Kawirikawiri kumabwera ndi phokoso long'ung'udza limene limakula ndi liwiro.

Pa galimoto yathuyi, matayala awiri akutsogolo ayenera kuchoka. Funso ndi lakuti atsopanowo aikidwe kuti. Ambiri amati kutsogolo, poti ndiwo amakoka ndi kukhota. Opanga matayala amalangiza zosiyana: atsopano apite kumbuyo, akumbuyo abwere kutsogolo. Chifukwa chake ndi ichi. Akutsogolo akaterereka pakona, galimoto imangopita molunjika, dalaivala amazimva m'chiwongolero, amachotsa phazi pa mafuta ndipo nthawi zambiri matayala amagwiranso. Akumbuyo akaterereka, thako la galimoto limatembenuka mwadzidzidzi, ndipo ndi madalaivala ochepa amene angaibweze. Mukasinthanitsa malo, kumbukirani kusintha mpweya kuti ugwirizane ndi malo atsopanowo, 2.3 kutsogolo ndi 2.1 kumbuyo. Ngati ndalama zilola, la pa 3 lija lichokere limodzi.

Chimene chimachitika pansi pa tayala mvula ikagwa

Pamsewu wouma tayala lopanda mano limagwira ndithu, ndipo zimenezi ndi zimene zimanyenga anthu. Munthu amayenda nalo chilimwe chonse osaona vuto. Mizere ija siinaikidwe chifukwa cha msewu wouma. Ntchito yake ndi kuchotsa madzi pakati pa labala ndi phula.

Onani kuchuluka kwa madziwo. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Tayala lotambalala masentimita 20, likamadutsa pa madzi akuya mamilimita 3 okha, limakumana ndi malita pafupifupi 13 pa sekondi iliyonse. Madzi onsewo ayenera kukankhidwira m'mbali kapena kulowa m'mizere pa kanthawi kochepa kwambiri kamene gawo lililonse la tayala limakhala pansi. Mizere yakuya mamilimita 8 ili ndi malo okwanira. Ikatsala 1.6, malowo atsala gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kucheperapo, poti mizere yambiri imapanikizika chakunsi. Madzi osowa kolowera amaunjikana kutsogolo kwa tayala, amalowa pansi pake, ndipo liwiro likamakwera amalinyamula pang'onopang'ono mpaka labala isiyiretu kukhudza msewu. Galimoto imakhala ikuyandama pamadzi.

Mudzadziwa kuti zachitika chiwongolero chikapepuka mwadzidzidzi, phokoso la matayala likasintha, kapena injini ikalira mokweza popanda inu kuponda. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu ndipo musapinde chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero molunjika kumene mukufuna kupita, ndipo dikirani kuti liwiro litsike matayala agwirenso. Mukapinda chiwongolero mukuyandama, matayala adzagwira atayang'ana kumbali ndipo galimoto idzalumphira komweko. Makina a mabuleki otchedwa ABS amathandiza kuti matayala asasiye kuzungulira poponda mabuleki, koma sangapange kugwira pamene labala sikukhudza msewu.

Mpweya ulinso ndi mbali yake pano. Akatswiri a NASA, bungwe la ku Amereka loona za ndege ndi zakuthambo, pofufuza za matayala a ndege m'zaka za m'ma 1960, anapeza kuti pamene madzi achuluka kuposa mmene mizere ingachotsere, liwiro limene tayala limayambira kuyandama kotheratu limadalira mpweya wa mkati. Zimene anapezazo tingazilembe motere, V kukhala makilomita pa ola ndipo p kukhala mpweya mu kPa:

```
V = 6.35 × √p
```

Pa 220 kPa zimatuluka pafupifupi makilomita 94 pa ola. Pa 160 kPa, monga tayala lathu lakutsogolo kumanja lija, zimatsikira pa 80. Nambalazi ndi zoyerekeza, ndipo kugwira kumayamba kuchepa liwirolo lisanakwane, koma zikuonetsa kuti tayala lophwa limanyamulidwa ndi madzi msanga. Tayala lochepa mano komanso lochepa mpweya ndiye kuti lili ndi mavuto awiri nthawi imodzi.

Ngozi zambiri za pamvula sizidikira kuyandama kotheratu. Kungochepa kwa kugwira kumatalikitsa mtunda woimira, ndipo mamita owonjezerawo ndi oopsa kuposa mmene amamvekera. Tiyerekeze galimoto ziwiri zofanana, zonse pa makilomita 80 pa ola, zaponda mabuleki pamalo amodzi. Ya matayala abwino yaima patatha mamita 36, ya matayala akutha ikufuna mamita 50. Kusiyana ndi mamita 14 okha. Koma pamalo pamene yoyamba yaima, yachiwiri ikadathamanga makilomita oposa 40 pa ola, chifukwa galimoto imataya liwiro lambiri m'mamita otsiriza. Ngati pamalo amenewo pali munthu wowoloka, woyambayo wangochita mantha, wachiwiriyo wagunda munthu pa liwiro lotha kupha.

Kutentha ndi kuphulika

Vuto lina silifuna mvula n'komwe. Tayala likamazungulira, m'mbali mwake mumapindika likafika pansi ndi kuwongoka likachoka, kangapo pa sekondi iliyonse. Kupindikaku kumatulutsa kutentha. Mpweya ukachepa, kupindika kumakula ndipo kutentha kumakwera; mukawonjezera katundu wolemera, liwiro ndi msewu wotentha, labala imayamba kulekana ndi malamba a waya a mkati. Mapeto ake nkhope ya tayala imasendeka kapena tayala limaphulika. Anthu ena amaphwetsa matayala tsiku lotentha poopa kuti aphulika. Akuchita zosemphana: chimene chimaphulitsa matayala ambiri pa ulendo wautali ndi mpweya wochepa, osati wochuluka. Kuwonongeka kwa mkatiku sikubwerera mukapopa, choncho tayala limene layenda mtunda lili lophweratu lichotsedwe pa limu ndi kuonedwa mkati. Mukapeza ufa wakuda wa labala kapena makwinya, lisabwererenso pa galimoto.

Tayala lakutha lilinso ndi labala yochepa pamwamba pa malamba ake, ndiye msomali kapena mwala wakuthwa sizivutika kufika mkati. Ena amasema mizere yatsopano pa tayala lakutha ndi mpeni wotentha kuti lioneke ngati lili ndi mano. Pa matayala a galimoto zing'onozing'ono zimenezi ndi zoletsedwa m'mayiko ambiri, chifukwa pansi pa mizere palibe labala yokwanira. Ndi matayala ena a malole okha, olembedwa REGROOVABLE m'mbali, amene anapangidwira kusemedwa. Pogula tayala logwiritsidwa kale ntchito, mizere yosalunjika bwino, yam'mphepete mwakuthwa, yopanda timabampu tija pansi pake, ikuuzeni kuti mpeni wadutsapo.

Mpweya wochuluka kwambiri nawo uli ndi zovuta zake, ngakhale ndi zocheperapo. Malo okhudza msewu amachepa, galimoto imadumphadumpha pa mabampu, ndipo tayala lolimba kwambiri limavulala msanga likagunda dzenje. Kusiyana kwa mpweya pakati pa lakumanja ndi lakumanzere kumachititsa galimoto kukokera mbali imodzi, makamaka poponda mabuleki.

Pepala munalemba lija lisungeni m'galimoto, mulembepo deti ndi makilomita a pa dashibodi. Mukadzayezanso, kusiyana kwake kudzakuuzani liwiro limene matayala anu akudyekera. Ngati tayala latsika kuchoka pa 5 kufika pa 4 pa makilomita 8,000, ndiye kuti lidzafika pa 3 pakatha makilomita enanso pafupifupi 8,000, ndipo mutha kuona ngati nthawiyo idzagwa mvula isanayambe kapena ili mkati.